Masiku amene chinangwa chimagona m'madzi ku Nkhotakota

Mlendo amene watsika basi pa Nkhotakota n'kulowera kumidzi ya m'mbali mwa nyanja ya Chia amayamba kumva fungo asanaone chimene chikununkhacho. Ndi fungo lowawasa, lolemera, lochokera m'timaiwe ta m'mphepete mwa dambo ndi m'migolo yoima kuseri kwa nyumba. Wochokera ku Lilongwe kapena ku Dedza amakwinya mphuno. Mwana wa kuno sakwinya, chifukwa kwa iye fungolo likunena kuti mawa kapena mkuja pathandala padzayera, ndipo sabata isanathe padzakhala kondowole wa usipa.

Ndi akuluakulu ochepa m'midzi ya kwa Malengachanzi, kwa Mwadzama kapena kwa Kanyenda amene angakuuzeni tsiku limene anaphunzira kunyika chinangwa. Anangokulira momwemo, atanyamula dengu kumbuyo kwa amayi awo. Koma chimene amayiwo ankachita padziwe si ntchito yaing'ono. Ankatenga muzu woti munthu ataudya wauwisi wochuluka akhoza kufa, n'kuusandutsa ufa wodyetsa banja chaka chonse, popanda mankhwala, popanda makina, koma madzi, dzuwa ndi kuwerenga masiku.

Chinangwa sichinayambire kuno. Kwawo ndi ku South America, ndipo Apwitikizi ndiwo anachiolotsa nyanja yamchere kuchokera ku Brazil m'zaka za m'ma 1500, n'kuchifikitsa koyamba kugombe la Congo. Kum'mawa kwa Africa chinafika mochedwerapo, ndipo chinalowa kumtunda potsata njira za malonda. Nkhotakota anali pa imodzi mwa njira zimenezo. Cha m'ma 1840 Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba, anakhazikika pa Linga, ndipo malowo anasanduka doko lalikulu loolotsera minyanga ya njovu ndi akapolo kupita kutsidya la nyanja. Tauni yodzaza anthu chotere, pamodzi ndi magulu a apaulendo odikira zombo, inkafuna chakudya chosadalira nyengo imodzi. Mpunga unkachita bwino m'madambo, koma pamchenga wa m'mbali mwa nyanja, pamene chimanga chimangofiira masamba n'kupinimbira, chinangwa ndicho chinkabereka. Chinalinso ndi khalidwe lina lokondedwa m'nthawi ya nkhondo: nkhokwe yake ndi nthaka. Adani akhoza kutentha nkhokwe ya chimanga usiku umodzi, koma munda wa chinangwa ayenera kuukumba phata ndi phata.

Chimene chimadabwitsa alendo n'chakuti anthu a kunyanja, pokhala ndi mitundu yozizira ngati Manyokola, amene ena amati Mbundumali, woti mungokazinga kapena kuphika n'kumwera tiyi, minda yawo yaikulu amadzalamo mitundu yowawa ngati Gomani ndi Bitilisi. Kwa zaka zambiri anthu ophunzira ankaona ngati kumeneku n'kusadziwa. Katswiri wa ku Malawi, Linley Chiwona-Karltun, atafunsa amayi a ku Nkhata Bay m'zaka za m'ma 1990, anapeza kuti amayiwo amasankha chowawa akudziwa bwino lomwe chimene akuchita. Chozizira chimatha ndi akuba, ana opita kusukulu, anyani ndi nguluwe, chifukwa aliyense wodutsa akhoza kuzula n'kutafuna pomwepo. Chowawa wakuba sachifuna, poti afunika masiku angapo ndi dziwe loonekera kwa anthu onse kuti achidye. Mayi wamasiye amene alibe mwamuna wolondera munda amagona tulo podziwa kuti ululu wa muzuwo ndiwo mlonda wake. Komanso poti chowawa sichidyeka popanda kunyika, mwini ntchito yonyikayo ndiye amalamula tsiku lozula ndi kuchuluka kwake. Kafukufukuyo anaonetsanso kuti lilime la amayiwa silinama: mitundu imene ankati ndi yowawa kwambiri ndi imenenso inapezeka ndi poizoni wochuluka itapimidwa. Zifukwa zomwezi mumazimva ku Nkhotakota, makamaka m'midzi yoyandikana ndi nkhalango yosungirako nyama, kumene munda wa chinangwa chozizira ndi phwando la nguluwe.

Nanga ululuwo n'chiyani? M'muzu ndi m'masamba a chinangwa muli chinthu chotchedwa linamarini. Pachokha chimakhala chete, chotsekeredwa m'kati mwa timaselo ta muzu. Kukhoma kwa timaselo tomweto kuli china, linamarezi, chimene ntchito yake ndi kuphwanya linamarini. Muzu ukakhala wamphumphu ziwirizi sizikumana, ngati mbuzi ndi fisi zotsekeredwa m'makola osiyana. Muzu ukatafunidwa, kusinjidwa kapena kuvunda, makomawo amagwa, ziwirizo zimasakanikirana, ndipo pamapeto pake pamatuluka sayanayidi, poizoni amene amaletsa thupi kugwiritsa ntchito mpweya umene munthu wapuma. Mmera unadzipangira chida chimenechi kuti chilichonse choutafuna chilangidwe.

Mwayi wa anthu uli pa zinthu ziwiri. Linamarini amasungunuka m'madzi, ndipo sayanayidi amauluka msanga, chifukwa amasanduka mpweya pa kutentha kwa madigiri 26 okha, kumene ku Nkhotakota ndi kutentha kwa m'mawa wamba. Choncho luso lonse la kunyika lagona pa kuchititsa kuti nkhondo ya linamarini ndi linamarezi ichitikire m'dziwe ndi pathandala, osati m'mimba mwa munthu.

Tiyeni titsate dengu limodzi. M'mudzi wina kufupi ndi Chia, mwezi wa Okutobala, mayi wachikulire ndi mdzukulu wake wamkazi alawirira kumunda dzuwa lisanakwere. Azula mapata a chinangwa chimene chakhala m'nthaka chaka ndi miyezi ingapo, pafupifupi makilogalamu 40, katundu wa anthu awiri. Sachisiya kuti chigone, chifukwa chinangwa chikazulidwa chimayamba kuda mizere m'kati pakangopita masiku awiri kapena atatu. Akhala pansi pa mtengo wa mango n'kuyamba kusenda. Mpeni umalowa m'litali mwa muzu, khungu lokhuthala lija n'kufunduka ngati malaya. Makoko amawaunjika patali ndi mbuzi, popeza m'khungu ndi mmene muli ululu wambiri kuposa m'kati, ndipo mbuzi yanjala ikadya makoko aawisi ambiri imagwa thovu lili kukamwa. Mizu ikuluikulu amaidula pawiri kapena patatu kuti yonse ifewere limodzi.

Kenaka apita kudziwe. Si nyanja yeniyeni, kumene mafunde angamwaze chinangwa, koma kadziwe kokumba m'mbali mwa dambo, kofika m'mawondo, kamene madzi ake amatenthedwa ndi dzuwa tsiku lonse. Amachimiza chonse, n'kuikapo makhwatha ndi miyala pamwamba. Mdzukulu wasiya mizu iwiri itatulutsa mitu kunja.

"Iwe, kankhira pansi imeneyo," akutero agogo. "Chimene sichinamire sichivunda. Udzachiona choyera bwinobwino, koma m'kati chili chiwawire."

"Tidzavuule mawa, agogo? Ufa watsala pang'ono m'nyumba."

"Mawa ayi. Ufa ukatha tikapempha kwa azakhali ako. Ichi chikhala mpaka chitandiuza chokha."

Tsiku loyamba palibe chooneka, madzi amangochita mbuu. Tsiku lachiwiri pamwamba pamayamba thovu, ndipo fungo lija limabadwa. Ndi tizilombo tosaoneka ndi maso timene tayamba ntchito: tina timadya shuga wa m'muzu n'kupanga asidi, wofanana ndi amene amasasitsa mkaka kukhala chambiko, pomwe tina timasungunula zomatira zimene zimagwirizitsa timaselo. Muzu ukamafewa, linamarini amakumana ndi linamarezi, wina amangosungunukira m'madzi, ndipo ululu umatuluka pang'onopang'ono. Tsiku lachitatu agogo amapisa dzanja, n'kutulutsa muzu waukulu koposa, osati waung'ono. Amaufinya. Chala chikalowa ngati m'nthochi yakupsa, muzu n'kuphwanyika m'manja, ndipo kamtsitsi kapakati kaja n'kusololoka kokha kopanda chomatirira, chinangwa chavunda. Pakati pakakhala kolimba, kochita kuti khutchu poutswa, chonse chimabwerera m'madzi.

Apa ndi pamene chiwerengero cha masiku chimanyenga anthu. Mu Okutobala ndi Novembala, madzi akakhala ofunda, masiku atatu amakwana. Mu Juni ndi Julayi, mwera ukamaomba ndipo madzi akazizira, chinangwa chomwecho chimafuna masiku asanu, nthawi zina sabata yathunthu. Mtsikana amene anaphunzira kuti "chinangwa ndi masiku atatu" n'kukavuula tsiku lachitatu mu Julayi amabwera ndi mizu yofewa kunja kokha. Amayi odziwa sawerenga masiku okha, amafunsa muzu. Ena pofuna kufulumizitsa m'nyengo yozizira amasiyako madzi pang'ono a mnyiko wapita mumgolo kuti akhale ngati chofufumitsa, kapena amaika mgolo padzuwa. Zimenezo zimathandizadi, chifukwa zimafulumizitsa kuvunda kwenikweniko. Kuvuula msanga sikufulumizitsa kanthu.

Pali mabanja amene amanyika chosasenda, n'kudzasenda chitafewa, khungu likungovuka lokha. Ntchito ya mpeni imachepa, koma ufa wake umaderako ndipo fungo limakula. Okonda kondowole woyera amasenda kaye. Mkangano wa njira ziwirizi ndi wakale ngati maiwe omwewo, ndipo mkamwini wochokera kumudzi wa njira ina amaudziwa msanga.

Akavuula, agogo ndi mdzukulu amatsuka chinangwacho m'madzi oyera, kuchotsa mitsitsi, n'kuchifinya ndi manja kuti madzi owawa atuluke. Madzi a m'mgolo wonyikira satayira pamene nkhuku, abakha kapena mbuzi zimamwa. Chofinyacho amachinyenyanyenya tizidutswa tating'ono n'kuyanika pathandala la bango, pamphasa kapena pathanthwe, mopyapyala, osaunjika. Kuyanika si kungochotsa madzi kuti ufa usungike. Ndi gawo lachiwiri lochotsa poizoni. Linamarini akaphwanyika sasanduka mpweya nthawi yomweyo. Amayamba wakhala chinthu china chapakati, chimene chimakhazikika bwino m'malo owawasa ngati m'chinangwa chovunda. Chimenechi chimatha ndi kutentha kwa dzuwa ndi kuuma. N'chifukwa chake chinangwa chonyikidwa bwino koma chosinjidwa chikadali chachinyezi chikhoza kumuzunguza mutu munthu. M'chilimwe masiku awiri kapena atatu a dzuwa amakwana. Chouma bwino chimathyoka kuti thyo, n'kusiya fumbi loyera m'zala, ndipo mumtondo chimalira mouma, sichimatirira kumunsi.

M'dzinja ndiye pamakhala mavuto. Mvula ya ku Nkhotakota ikagwa masiku otsatizana, chinangwa chimachita nkhungu pathandala, chimada, ndipo mayi amathamanga nacho kulowetsa ndi kutulutsa ngati mwana wodwala. Ambiri amachiyanika pamwamba pa moto m'khitchini, ndipo kondowole wa mwezi wa Febuluwale amadziwika ndi kafungo ka utsi. Amayi akale ankanyika chambiri mu Okutobala ndi Novembala, n'kusunga chouma m'madengu ndi m'matumba kuti m'miyezi ya mvula asavutike.

Pa makilogalamu 40 aja, akachotsa makoko, mitsitsi ndi madzi, ufa umene umatsala ndi pafupifupi makilogalamu 10. Masamu a ululu wake ndi ofunika kuwaona. Mitundu yozizira imakhala ndi sayanayidi wosapitirira mamiligalamu 50 pa kilogalamu ya muzu wauwisi, pomwe yowawa imatha kufika 400 ngakhale kupitirira. Tinene kuti chinangwa cha agogo chili ndi 200. Chikasendedwa chatsala makilogalamu 30, kutanthauza mamiligalamu 6,000 m'dengu lonse. Madzi akauma ululu suchepa nawo wokha, umangounjikana: wonsewo ukanatsala, ufa uliwonse wolemera kilogalamu ukanakhala ndi mamiligalamu 600. Muyezo umene mabungwe a WHO ndi FAO amati ufa wa chinangwa usapitirire ndi mamiligalamu 10 pa kilogalamu. Ndiye kuti pa magawo 100 a ululu, agogo ayenera kuchotsa oposa 98. Kunyika mpaka kufeweratu, kufinya ndi kuumitsa bwino kumatha kufika pamenepo kapena kuyandikira. Kungodula chinangwa chowawa n'kuchiyanika padzuwa osanyika, monga amapangira makaka, kumasiya gawo limodzi mwa magawo atatu kapena anayi, chifukwa muzu umauma timaselo tisanasweke, ndipo linamarezi amaleka kugwira ntchito madzi akatha. Pa dengu lathuli ufa wake ukanakhala ndi mamiligalamu 150 mpaka 200 pa kilogalamu. Makaka ndi abwino pa chinangwa chozizira. Pa Gomani ndi msampha.

Ambiri amaganiza kuti moto umatha zonse. Pa chinangwa chowawa maganizo amenewa ndi oopsa. Kutentha kwambiri kumapha linamarezi, amene ndi mthandizi, koma linamarini sapsa msanga. Onaninso mmene kondowole amaphikidwira: madzi akawira, mayi amathira ufa, kawirikawiri n'kuphula mphika, kuupana ndi mapazi, n'kuvundula ndi mthiko mwamphamvu mpaka nsima itagwirana n'kuyamba kunyududuka. Ndi mphindi zochepa chabe. Palibe phala lowira nthawi yaitali ngati la nsima ya chimanga. Chimene chinatsala mu ufa chimafika m'mbale. Chitetezo chonse chinachitikira kudziwe ndi pathandala, mphika usanatenthe n'komwe.

Masamba ake, chigwada, ali ndi ululu woposa wa muzu, koma njira yake ndi yachidule chifukwa ali ndi linamarezi wambiri. Amasinjidwa mumtondo mpaka atalala, kuti ziwiri zija zikumane, kenaka amawiritsidwa nthawi yokwanira, mphika uli wosavundikira kuti mpweya woipa uthawe. Chigwada chosasinja bwino, chongofutsa pang'ono, chimawawa ndipo chimapweteka mutu.

Munthu akadya ufa wosakonzeka bwino, zizindikiro zimabwera pakapita maola ochepa: chizungulire, mutu, nseru, kusanza, kupweteka m'mimba, kufooka. Kumudzi amati chinangwa chamuledzeretsa. Ana ndiwo amayamba kugwa chifukwa matupi awo ndi aang'ono, ndipo mwana amene wayamba kupuma movutikira kapena kukomoka ayenera kuthamangira naye kuchipatala, osadikira kuti kuche. Thupi lili ndi njira yake yosandutsira sayanayidi wochepa kukhala chinthu chotuluka ndi mkodzo, koma limafuna salufa wochokera m'zakudya zomanga thupi. Apa anthu a kunyanja anadalitsidwa. Chinangwa chili ndi zomanga thupi zochepa kwambiri, koma usipa, utaka, chambo, kampango ndi mpasa za mumtsinje wa Bua zili nazo zambiri. Kondowole ndi nsomba si ukwati wa kukoma kokha. Nsomba imamalizitsa ntchito imene dziwe linayamba.

Kuti munthu amvetse chimene madzi a Nkhotakota akhala akutchinjiriza, ayang'ane m'chigawo cha Nampula ku Mozambique. Kumeneko anthu ambiri amadalira chinangwa chowawa, koma madzi ndi osowa, ndipo njira yawo yaikulu ndi kuyanika padzuwa, kapena kuunjika mizu yosenda pamulu n'kuifunditsa masamba kuti imere nkhungu masiku angapo isanayanikidwe. Njira ya mulu imachotsa ululu wambiri kuposa kungoyanika, koma siifika pa kunyika. M'chaka cha 1981 kunagwa chilala. Mbewu zina zonse zinafa, chinangwa chowawa chokha n'kutsala, ndipo chinangwa chikavutika ndi chilala ululu wake umakwera. Anthu anjala analibe masabata odikira kuti mizu iume. Ankasinja, kuyanika tsiku limodzi, n'kudya madzulo, popanda nyemba kapena nsomba. Anthu oposa 1,000, makamaka amayi ndi ana, anauma miyendo mwadzidzidzi. Munthu ankagona ali bwino, kapena kubwera kuchokera ulendo wautali, m'mawa miyendo n'kukhala yolimba, yopingasana, yoyenda chonyang'ama ndi zala. Anthu akumeneko anawatcha matendawa mantakasa. Madokotala amene anafufuza, mwa iwo Hans Rosling wa ku Sweden ndi Julie Cliff wa ku Australia, anayamba aganizira matenda opatsirana, koma mapeto ake anapeza kuti gwero ndi chinangwa chosakonzeka. Matendawa anali atalembedwapo kale ku Congo m'chaka cha 1938 ndi dokotala wa ku Italy, Giovanni Trolli, ndipo dzina lake lodziwika padziko lonse, konzo, ndi la chinenero cha Chiyaka cha kumeneko, lotanthauza miyendo yomangidwa. Konzo siichizika. Wolumala nayo amakhala choncho moyo wake wonse.

Ku Congo komweko, m'chigawo chimene chinkatchedwa Bandundu, anthu amanyika chinangwa ngati kuno, koma konzo inabuka pamene misewu inatsegula msika wa ku Kinshasa ndipo amayi, pothamangira kugulitsa, anafupikitsa kunyika kuchoka pa masiku atatu kufika pa tsiku limodzi kapena awiri. Nkhani imeneyi iyenera kumveka bwino ku Nkhotakota lero, kumene ufa wa kondowole ndi chinangwa chouma zimakwera magalimoto kupita ku Lilongwe ndi ku Kasungu, makamaka chaka chimene chimanga chavuta. Wogula akaima pamsewu ndi ndalama m'manja, tsiku lachitatu la m'madzi limaoneka lalitali. Ndipo wogula m'tauni sangadziwe ndi maso, poti ufa wonyikidwa tsiku limodzi umayera mofanana, nthawi zina kuposa. Chomuthandiza ndi lilime ndi mphuno: kachidutswa kouma kakawawa kapena kuluma kulilime, ndipo kalibe kafungo kowawasa ka chovunda, nkofunika kukayikira.

Kwa amene wagula ufa wokayikitsa pali njira imene katswiri wa ku Australia, Howard Bradbury, anaipeza cha m'ma 2005, ndipo inayesedwa m'midzi ya ku Mozambique ndi ku Congo. Ufa amauthira m'beseni n'kulemba pamene walekeza. Amathiramo madzi pang'onopang'ono akusakaniza. Ufa umayamba watsika, kenaka n'kukweranso kufika pa chizindikiro chija, uli wonyowa koma osati phala. Amauyala pamphasa kapena palichero mopyapyala, osapitirira sentimita imodzi, n'kuusiya maola asanu pamthunzi kapena maola awiri padzuwa. Madziwo amadzutsa linamarezi amene anatsala mu ufa, ndipo mpweya woipa umauluka. Ufawo umaphikidwa tsiku lomwelo. Njirayi ili ndi malire ake: imadalira kuti mu ufamo mukhale linamarezi wamoyo, ndipo siilowa m'malo mwa kunyika. Koma m'midzi ya ku Congo imene amayi anaiphunzira n'kumaitsata tsiku ndi tsiku, konzo yatsopano inaleka kuoneka.

Akuluakulu a kunyanja ali ndi chaka chawo chimene amachikumbukira. Pa njala ya 1949, imene inasautsa kwambiri chigawo cha kumwera, madera a chinangwa anapirira kuposa a chimanga, ndipo boma la atsamunda linalimbikira kuuza anthu kuti azikhala ndi munda wa chinangwa wodzitetezera. Koma cha m'ma 1985 mpaka 1987 tsoka linagwera chinangwa chenichenicho. Tizilombo toyera ngati ufa, kodikodi, tinalowa m'minda ya ku Nkhata Bay n'kufalikira m'mbali mwa nyanja. Nsonga zinkapotana, masamba kufota, mizu osakula. Anthu amene sanazolowere kupempha chakudya anaima pamizere kulandira chimanga. Tizilomboti tinagonja pamene akatswiri a bungwe la IITA anabweretsa kamavu kakang'ono kochokera ku South America, kwawo kwa chinangwa, kamene kamaikira mazira m'thupi mwa kodikodi. Pambuyo pake malo a kafukufuku monga Mkondezi ku Nkhata Bay anathandiza kutulutsa mitundu yatsopano, ndipo ina mwa iyo, monga Sauti, ndi yowawa, yofunabe dziwe. Amene anaona zaka za kodikodi zija amanena kuti choopsa sichinali kuchepa kwa chinangwa kokha, komanso chiyeso chozula mizu yanthete n'kuivuula isanafewe chifukwa ana akulira.

Maiwe enieniwo akusintha. Kale malo onyikira anali bwalo la amayi: kumeneko nkhani za maukwati zinkamveka, mtsikana wotha msinkhu ankayesedwa ngati wadziwa ntchito, ndipo aliyense ankadziwa malo a mnzake popanda chikwangwani. Koma kuima m'madzi osayenda kumabweretsa likodzo, ndipo m'mbali mwa Chia, Bua ndi Dwangwa ng'ona zagwirapo anthu ambiri. Lero mabanja ochuluka amanyikira pakhomo, m'migolo yapulasitiki, m'mitsuko ikuluikulu kapena m'mabeseni, ndi madzi a pamjigo. Njirayi ndi yaukhondo ndipo ufa umayera, koma ili ndi zofuna zake. Madzi ayenera kumiza chinangwa chonse, mgolo usadzaze mothinana, ndipo ukhale panja pamene mpweya ukuyenda, osati m'chipinda chogona. Mgolo woikidwa pamthunzi mwezi wa Juni umachedwa kuposa dziwe la padzuwa. Ndipo poti madzi a pamjigo ndi osenza pamutu, pamakhala chiyeso chothira ochepa.

Kwabweranso makina opala chinangwa kukhala phala, kulifinya m'matumba ndi chopanira, n'kuliyanika tsiku lomwelo. Kupala kumaswa timaselo tonse nthawi imodzi, choncho ululu umachoka m'maola m'malo mwa masiku, ndipo ufa wake, wopanda fungo, umalowa m'mabisiketi, m'masikono ndi m'mandasi. Ndi ufa wabwino pa ntchito yake. Koma mukaupereka kwa munthu wa kwa Mwadzama kuti aphike nsima, amaluma kamodzi n'kufunsa chimene chasowa. Chasowa ndi kuwawasa kuja, kumene mlendo anakwinyira mphuno potsika basi.

Kumudzi kuja kufupi ndi Chia, ufa unathadi tsiku lachiwiri, ndipo mdzukulu anapita ndi kambale kwa azakhali ake. Chinangwa chinavuulidwa tsiku lachitatu madzulo, chinagona pathandala masiku atatu, ndipo lachisanu ndi chiwiri mtondo unalira kuseri kwa nyumba. Agogo anatapa ufa pang'ono pasefa, n'kuuika palilime, n'kukhala kaye chete. Kenaka anauza mdzukuluyo kuti akatenge nkhuni, ndipo iwo anatsikira kudoko kukaona ngati ngalawa za usipa zafika.